CHIMANGIRIZO CHA NTCHITO YA PAGULU: LEMBANI ZA MKANGANO UMODZI BASI

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ntchito ya m'magulu ikatha aphunzitsi ena sathera pa kuona ntchitoyo. Amatiuzanso kuti aliyense alembe chimangirizo chounikira momwe gulu lake linayendera. Ndawerengako zimangirizo zingapo za anzanga, ndipo zambiri zimafanana ngati zabadwa kwa mayi mmodzi: tinasankha tcheya, tinagwirizana, panali mavuto ena koma tinawathetsa, mutu umodzi susenza denga. Tsamba ladzaza, koma wowerenga sanadziwe kuti vutolo linali lotani, anayambitsa ndani, linatha bwanji.

Pali zida zitatu zimene akatswiri a zamaganizo anapanga zothandiza kuunika gulu. Choyamba chimafotokoza masiteji amene gulu limadutsamo, chachiwiri njira zimene anthu amatsata pakabuka mkangano, chachitatu mitundu ya utsogoleri. Ena akazimva amangozikopera zonse motsatizana ngati manotsi. Ine ndikuti ayi. Sankhani mkangano umodzi weniweni umene unachitika pagulu panu, ndipo zida zitatuzi muziunikire pa mkangano womwewo. Ndigwiritsa ntchito gulu lathu la dimba ngati chitsanzo, maina sinditchula.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, ine ndinali mlembi. Pa phunziro la zaulimi, teremu yachitatu, tinapatsidwa mabedi awiri a mpiru, mbande 40 pa bedi lililonse. Mvula inali itatha, choncho bedi lililonse linkafuna ndowa ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo kuchokera ku mjigo. Ndiye kuti ndowa 8 patsiku, 56 pa sabata. Tcheya wathu analemba ndandanda yekha usiku umodzi n'kubwera nayo: awiriawiri, peyala iliyonse masiku awiri pa sabata, ndipo Lamulungu azithirira iye yekha. Papepala zinali bwinobwino. Aliyense ndowa 8 pa sabata, tcheya 16. Palibe anayankhula. Tinangoti "zili bwino" n'kubalalika.

Koma awiri mwa ife, mtsikana ndi mnyamata, amachokera kutali, ulendo wa ola limodzi ndi theka wapansi. Ndi amenewa anapatsidwa Lachitatu ndi Loweruka. Loweruka loyamba sanabwere, koma sizinadziwike, chifukwa mnzathu wina wokhala kuseri kwa sukulu anaona mabedi ali gwa n'kuthirira mwakachetechete. Loweruka lachiwiri iyenso anali atapita kumsika. Tcheya pofika Lamulungu madzulo anapeza mbande zili zyolizyoli, ndipo 15 sizinadzukenso. Lolemba pa buleki zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Tiyambe ndi masiteji. M'chaka cha 1965 katswiri wa ku Amereka, Bruce Tuckman, anawerenga zolemba 50 za akatswiri ena zokhudza timagulu ting'onoting'ono, n'kuona kuti timagulu tambiri timadutsa m'masiteji anayi. Yoyamba ndi yodziwana: aliyense ndi waulemu, akuyang'ana kwa mtsogoleri, ndipo zakukhosi akusunga. Yachiwiri ndi ya mkuntho, pamene zobisika zija zimatuluka ndipo anthu amalimbana za ntchito ndi za amene akulamula. Yachitatu ndi yopangana, gulu likagwirizana malamulo ake akeake. Yachinayi ndi yokangalika, pamene mphamvu zonse zapita pa ntchito chifukwa zokokanakokana zatha. Mu 1977 iye ndi Mary Ann Jensen anawonjezera yachisanu, yotsanzikana.

Funso ndi lakuti mudziwa bwanji kuti gulu lanu linali pa siteji iti tsiku lakutilakuti. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza yoyamba ndi yachitatu, chifukwa zonse ziwiri zimaoneka zabata. Tsiku lija tinati "zili bwino" munthu akhoza kulemba kuti gulu linagwirizana. Sikunali kugwirizana kumeneko. Kunali kuopana. Chizindikiro chake n'chakuti panalibe funso ngakhale limodzi, ndipo anthu awiri anavomera ntchito imene ankadziwa kale mumtima kuti saikwanitsa. Bata la siteji yachitatu ndi losiyana. Kumeneko munthu amatha kunena kuti "aise, mawa sinditha, tisinthane," ndipo palibe amene amakwiya, chifukwa lamulo la kusinthana munalipanga nonse. Ndiye m'chimangirizo musangolemba dzina la siteji. Kutsutsa galu n'kukumba: perekani tsiku, zimene zinanenedwa, ndi zimene sizinanenedwe.

Musaumirizenso gulu lanu kulowa m'masiteji onse asanu ngati phazi mu nsapato yobwereka. Zolemba zambiri zimene Tuckman anawerenga zinali za magulu a anthu olandira uphungu ndi magulu ophunzitsirana, osati ana asukulu othirira mpiru. Magulu ena sadutsa mu mkuntho wooneka, ena amabwereramo kawiri, makamaka pakalowa munthu watsopano kapena aphunzitsi akasintha ntchito. Katswiri wina, Connie Gersick, mu 1988 anatsata magulu okhala ndi tsiku lomalizira ntchito, ndipo anapeza kuti amakonda kusintha kachitidwe akafika pakatikati pa nthawi imene anapatsidwa. Ngati gulu lanu linadzidzimuka chifukwa choona kuti theka la masabata lapita, osati chifukwa chokangana, lembani zomwezo. Kunena pamene chida sichinagwirizane ndi zimene munaona kumasonyeza kuti mwachimvetsa kuposa amene wangochiloweza.

Tsopano ku mkangano weniweniwo, kumene kuli nyama ya chimangirizo. Kenneth Thomas ndi Ralph Kilmann mu 1974 anatulutsa mafunso othandiza munthu kudziwa momwe amachitira pa mkangano. Maganizo awo ndi osavuta. Pa mkangano uliwonse munthu amayankha mafunso awiri mumtima: kodi ndilimbikira zofuna zanga mpaka pati, nanga zofuna za mnzangayu ndizisamala mpaka pati? Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene amabala njira zisanu. Zonse zisanu zinaoneka pa dimba lathu.

Tcheya analimbana. Mawu ake pa buleki paja anali akuti ndandanda sisintha, wosafuna akadzinenere yekha kwa aphunzitsi. Kulimbana ndiko kukankha zako osalabadira za mnzako. Pomulemba munthu wotere samalani, chifukwa n'kosavuta kumusandutsa chilombo cha nkhani. Tcheya ankanyamula ndowa 16 pamene ena tinkanyamula 8, ndipo kwa iye amene akulephera theka la zimene iye akuchita anali waulesi basi. Chimangirizo chabwino chimafotokoza chifukwa chimene munthu anasankhira njira yake, ngakhale wolembayo sakugwirizana nayo.

Awiri akutali aja anapewa. Sanatsutse ndandanda tsiku loyamba, sanabwere Loweruka, ndipo Lolembalo anangoyang'ana pansi. Wopewa salimbikira zake, sathandizanso za mnzake, amangoti nkhaniyi idutse. Mtsikanayo anadzatiuza pambuyo pake kuti akanatchula za mtunda anthu akanamuseka kuti ndi wakumudzi kwenikweni. Eti, ngati enafe timakhala m'tauni.

Mnzathu wa kuseri kwa sukulu anagonjera. Anasenza ndowa 8 za eni ake Loweruka loyamba kuti pasakhale phokoso. Ambiri amalemba munthu wotere ngati ngwazi ya gulu, ndipo mtima wake unalidi wabwino. Koma taonani chimene chinachitika: kugonjera kwakeko kunabisa vuto kwa sabata yathunthu. Mabedi akanauma Loweruka loyamba pang'ono chabe, tikanadziwa msanga. Ndipo Lolemba lija ndi iyeyo amene anakalipa kwambiri kuposa tcheya, kuti iye si bulu wa gulu. Wogonjera kawirikawiri amasunga ngongole mumtima.

Msungichuma wathu anayesa kukumana pakati. Anati Loweruka tizisinthana tonse, peyala iliyonse kamodzi pa masabata atatu. Apa aliyense amataya pang'ono n'kupeza pang'ono. Njirayi ndi yachangu ndipo imaoneka yachilungamo, n'chifukwa chake magulu a pasukulu amaikonda. Koma pa nkhani yathu inangochepetsa vuto osalichotsa. Wakutali akanayendabe maola atatu, kupita ndi kubwerera, ndipo popeza kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo, akanatha tsiku lonse pasukulu ndi njala, kunyumba ntchito zikumudikira.

Njira yachisanu ndi yofunira limodzi yankho lokomera mbali zonse. Imeneyi imasokonezedwa kwambiri ndi kukumana pakati, ndiye mvetsetsani kusiyana kwake. Pokumana pakati mumagawana chinthu chimene mukulimbiranacho, monga Loweruka. Pofunira limodzi mumasiya kaye Lowerukalo n'kufunsa kuti aliyense akufuna chiyani kwenikweni. Lachiwiri msungichuma yemwe uja, ataona kuti akutali sanasangalale ndi maganizo ake, anawafunsa kuti, "Nanga nthawi imene mungathe inuyo ndi iti?" Yankho linali lakuti poweruka, tsiku lililonse la sukulu, asanayambe ulendo. Tcheya chimene ankafuna si Loweruka la anthu awiriwa ayi, ankafuna kuti mpiru usafe ndiponso pasakhale wodyera masuku pamutu anzake. Ndinatenga kope n'kuwerengera. Kuthirira kwa poweruka masiku asanu ndi ndowa 20, anthu awiri aliyense 10. Zotsala 36, za m'mawa ndi za mapeto a sabata, anthu anayi apafupife aliyense 9. Akutali aja anapezeka kuti akunyamula zambiri kuposa poyamba, koma osangalala. Tcheya anatsika kuchoka pa 16 kufika pa 9. Popeza poweruka dzuwa limakhala lisanapepe, tinaphimbira mabedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chizikhalitsa.

Musathamangire kulemba kuti njira yachisanuyi ndiyo yabwino nthawi zonse. Eni ake a chidachi amanena kuti njira iliyonse ili ndi nthawi yake. Kufunira limodzi kunatidyera mabuleki awiri, ndipo kumatheka pokhapokha anthu akamasuka kunena zoona. Mbuzi zikalowa m'dimba simuitanitsa msonkhano, wina amangokuwa kuti thamangitsani. Lolemba lija, mitima ili m'mwamba, kusiya nkhani kuti igone mpaka mawa kunalinso kupewa, koma kupewa kwanzeru. Ndipo pa nkhani yaing'ono, monga mtundu wa choko cholembera chikwangwani cha bedi, kugonjera mnzako sikulakwika. Chimene aphunzitsi akufuna kuona ndi chakuti njira imene munthu anasankha inayenera nthawiyo kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani.

Chida chachitatu chinachokera ku kafukufuku amene amandisangalatsa chifukwa anachitika pa ana. Mu 1939 Kurt Lewin, Ronald Lippitt ndi Ralph White, a ku yunivesite ya Iowa ku Amereka, anafalitsa zimene anapeza pa timagulu ta anyamata a zaka pafupifupi 10, asanu pa kagulu, amene ankakumana akaweruka kusukulu n'kumapanga zinthu zamanja monga zigoba zovala kumaso. Kagulu kalikonse kankatsogoleredwa ndi munthu wamkulu wophunzitsidwa kuchita mwa njira imodzi mwa zitatu, ndipo atsogoleriwo ankasinthidwa pakapita masabata angapo kuti anyamata omwewo alawe utsogoleri wosiyana. Wolamula yekha ankanena chochita sitepe ndi sitepe, n'kusankhanso yekha amene agwire ndi yani. Wokambirana ankaika nkhani pagulu, n'kupereka njira zingapo kuti anyamata asankhe. Wolekerera ankangopereka zipangizo n'kukhala phee mpaka atafunsidwa.

Pansi pa wolamula ntchito inkayenda kwambiri iye akakhalapo. Koma ochita kafukufukuwo ankamutulutsa dala m'chipindamo, ndipo akangotuluka ntchito inkatsika. M'timagulu tina anyamata ankachitirana nkhanza, mwina onse kuunjikira mmodzi, pamene m'tina ankangokhala ofooka, odikira kuuzidwa. Pansi pa wokambirana ntchito inkapitirira ngakhale mtsogoleri atatuluka. Pansi pa wolekerera ntchito inali yochepa ndipo masewera ndi amene ankachuluka. Atafunsidwa, anyamata 19 mwa 20 anati anakonda wokambirana kuposa wolamula. Tonse timazidziwa izi: kalasi ina aphunzitsi akaitanidwa ku ofesi imasanduka msika, ina imapitiriza ekisesaizi.

Muyeso wa kutuluka m'chipinda uja ndi umene mungabwereke. Funsani kuti mtsogoleri wanu kulibe, chinkachitika n'chiyani? Pa dimba lathu Loweruka ndilo linali chipinda chopanda mtsogoleri. Ndandanda yolembedwa ndi munthu mmodzi inkagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, maso a tcheya alipo, n'kufa Loweruka. Ndandanda yachiwiri, imene tinapanga tonse, inayendabe sabata imene tcheya anadwala malungo. Umenewu ndi umboni wa mtundu wa utsogoleri, woposa kungolemba kuti tcheya wathu anali wankhanza kapena wademokalase.

Pali malire awiri oti muwatchule mukafuna malikisi owonjezera. Atsogoleri a Lewin anali akuluakulu otsogolera ana, pamene tcheya wa gulu la m'kalasi ndi mnzathu wokhala naye desiki imodzi, alibe chilango chilichonse m'manja mwake kupatula kukanena kwa aphunzitsi. N'chifukwa chake kulamula kwa tcheya wa pasukulu kumatha mphamvu msanga. Chachiwiri, anthu ambiri amasokoneza wokambirana ndi wolekerera. Tcheya amene amangoti "chilichonse mungagwirizane, ine ndilibe vuto" sakukambirana, wathawa ntchito. Wokambirana amaitanitsa msonkhano, amafunsa amene wakhala chete, ndipo mukagwirizana amaonetsetsa kuti zachitika.

Mwaona kuti zida zitatuzi zikukumana pa malo amodzi. Pa siteji yodziwana anthu amaopana, choncho amapewa kapena kugonjera, ndipo mtsogoleri wolamula amaona ngati onse avomera. Vuto limabisala mpaka tsiku limene iye kulibe. Ndime ya thunthu la chimangirizo iyenera kusonyeza kulumikizana kumeneku. Nayi ndime yanga momwe ndinailembera:

Sabata yoyamba gulu lathu linali pa siteji yodziwana. Tcheya atabweretsa ndandanda palibe anafunsa funso, ngakhale awiri mwa ife sakanatha kubwera Loweruka. Awiriwa anasankha kupewa poopa kusekedwa, ndipo popeza ndandandayo inalembedwa ndi munthu mmodzi, panalibe mpata woti chifukwa chawo chimveke. Zotsatira zake mbande 15 mwa 80 zinafa pa Loweruka lachiwiri, tsiku limene mtsogoleri kunalibe. Izi zikufanana ndi zimene Lewin ndi anzake anapeza, kuti ntchito ya pansi pa wolamula imadalira kupezekapo kwake.

Taonani kuti mu ndime imeneyi muli nthawi, chochitika, nambala, chifukwa, ndipo dzina la katswiri labwera kumapeto kudzachitira umboni, osati kutsogolo kudzadzionetsa. Mulibenso dzina la mnzanga aliyense. Lembani maudindo, monga tcheya, mlembi, msungichuma, chifukwa pepala limatha kugwera m'manja mwa wina, ndipo mawa mudzakhalanso gulu limodzi pa phunziro lina.

Popeza ndi chimangirizo chounikira, mawu akuti "ine" asasowe. Nenani udindo wanu, njira imene inu munatsata pa mkanganowo mwa zisanu zija, ndi chinthu chimodzi chooneka chimene mudzachite pa gulu lotsatira. Kunena kuti "ndidzakhala wogwirizana ndi anzanga" sikuoneka. Kunena kuti "tsiku loyamba, tisanagawane ntchito, aliyense adzanene mtunda umene amayenda ndi masiku amene sangapezeke" kukuoneka, ndipo wina akhoza kudzakufunsani ngati munachitadi.

Za kagawidwe ka malo, ngati mwapatsidwa masamba awiri, chiyambi chisapitirire mizere isanu: ntchito inali yotani, munalipo angati, kwa nthawi yaitali bwanji. Tsamba lathunthu lipite ku mkangano ndi momwe unathera. Siteji yokangalika, imene ambiri amaitalikitsa chifukwa ndi yokoma kulemba, ikwana mizere itatu. Siteji yotsanzikana musaiiwale, chifukwa nayonso imatha kubala mkangano wake. Ife titagulitsa mpiru kwa aphunzitsi ndi amayi a pamsika, funso linabuka lakuti ndalama tigawane mofanana kapena potengera ndowa, 10 kwa awiri aja ndi 9 kwa enafe. Pamenepa tinangokumana pakati, chifukwa mayeso anali atayandikira ndipo kusiyana kwa ndowa imodzi sikunali koyenera mabuleki awiri: tinagawana mofanana, ndipo mpiru wotsala m'mabedi anakolola akutali aja kupita nawo kunyumba.